Momwe mungaonere ngati mawu aumwini akugwirizana ndi dzina lake

Tikati "mbuzi yanga" kapena "khasu lathu", mawu aumwiniwo amakhala ndi zigawo ziwiri. Tsinde limanena za mwini wake, ndipo masinde ake ndi awa: -anga, -ako, -ake, -athu, -anu, -awo. Mgwirizanitsi, yemwe amakhala koyambirira kwa mawuwo, sayang'ana mwini ayi, amatsata gulu la dzina la chinthu chimene munthuyo ali nacho. N'chifukwa chake mlimi mmodzi yemweyo amati munda wanga, khasu langa, chimanga changa, nkhokwe yanga. Pamene mukukonza zolemba zanu kapena za ophunzira, tsatani njira iyi.

Choyamba, pezani chinthu chimene chili ndi mwini. M'mawu akuti "njinga ya aphunzitsi", chinthucho ndi njinga, choncho "ya" wachokera ku njinga. Mayina akandandalikana, mgwirizanitsi aliyense amatsata dzina limene walitsatira: "zitseko za nyumba ya agogo anga". Apa "za" ndi wa zitseko, "ya" ndi wa nyumba, "anga" ndi wa agogo.

Chachiwiri, lozani chinthucho pakamwa kuti mudziwe gulu lake. Mukati "ichi", umwini uyamba ndi cha-. "Ili" apereka la-, "iyi" apereka ya-, "izi" apereka za-, "aka" apereka ka-, "iti" apereka ta-, "awa" apereka a-, pomwe "uyu" ndi "uwu" onse apereka wa-. Dzira ili, dzira langa. Minda iyi, minda yathu. Tiana iti, tiana take.

Njira yolozayi imaposa kungoyang'ana malembo oyamba a dzina, chifukwa malembowo amanamiza. Chule amayamba ngati chingwe, koma timati chule uyu, achule awa, motero ndi "chule wake", osati "chake". Galu, katundu ndi fodya alibe mu- koyambirira, komabe onse amatenga wa-: galu wanu, katundu wawo. Palinso mayina a anthu amene satsata gulu la Mu-A. Mfumu ndi munthu, koma timati mfumu iyi, mfumu yathu, mafumu athu. Bwenzi nalonso limati bwenzi langa. Ophunzira ambiri amagwa apa poganiza kuti dzina lililonse la munthu limafuna wa-.

Chachitatu, onani kuchuluka kwa zinthuzo. Mayina a gulu la I-Zi, monga mbuzi, nkhuku ndi nyumba, sasintha akachuluka, ndiye mgwirizanitsi ndi amene amauza wowerenga ngati ndi imodzi kapena zambiri. Mukamaliza izi m'pamene muone tsinde: mwini mmodzi atenga -ake, eni ambiri kapena munthu wolemekezedwa atenga -awo.

Tiyese chiganizo ichi: "Mfumu wathu wataya mbuzi yake ziwiri ndi kamwana wa ng'ombe." Mfumu iyi, choncho "mfumu yathu", ndipo mneni nayenso asinthe akhale "yataya". Mawu akuti "ziwiri" akutiuza kuti mbuzi n'zambiri, ndiye "zake". Dzina lakuti mwana litalandira ka- lachoka m'gulu la Mu-A n'kulowa la Ka-Ti, motero "kamwana ka ng'ombe". Chiganizo chokonzedwa ndi ichi: "Mfumu yathu yataya mbuzi zake ziwiri ndi kamwana ka ng'ombe." Mukafuna ulemu, monga momwe anthu ambiri angalankhulire pamudzi, mudzati "Amfumu athu ataya mbuzi zawo ziwiri." Taonani kuti ulemu wasintha -ake kukhala -awo, koma z- wa mbuzi sanagwedezeke.

Mawu a malo amafuna kusamala musanathamangire cholembera chofiira. Dzina likalandira pa-, ku- kapena mu-, pali njira ziwiri zololedwa. Umwini ukhoza kutsata malowo: pakhomo panga, kumunda kwathu, m'nyumba mwake. Ukhozanso kutsata dzina lenilenilo, makamaka pamene mukusiyanitsa chinthucho ndi china: "Anagona m'nyumba yake yatsopano, osati yakale ija." Chosaloledwa ndi kusakaniza malo awiri, monga "kumunda mwathu".

Mawu obwereka ena sanakhazikike m'gulu limodzi. Buku lidakhazikika m'gulu la Li-Ma, buku langa, mabuku anga. Koma galimoto mudzamva ena akuti "galimoto yanga", ena "galimoto langa". Pa mawu otere musachonge kuti wina walakwa. Sankhani njira imodzi ndipo muitsate m'nkhani yonse, pamodzi ndi mneni wake: mukalemba "galimoto yanga", pitirizani ndi "yawonongeka", osati "lawonongeka".