Mmene ndinabwezera foda yomwe ndinafufuta mwangozi

Lachitatu masana ndinafufuta foda ya malipoti pa seva, poganiza kuti ndi yakale. Mtima unangoti myuu! Mwayi wake, seva yathu imagwiritsa ntchito ZFS, pulogalamu yoyendetsa kasungidwe ka mafayilo pa disiki, ndipo imajambula sinapushoti ola lililonse.

Sinapushoti sikopera mafayilo, imangosunga mmene zinthu zinalili pa mphindi imeneyo. ZFS silemba zatsopano pamwamba pa zakale, choncho ngakhale ndinafufuta, malo omwe munali malipoti aja anali akadali m'manja mwa sinapushoti. Ndinayamba ndaona mndandanda wa masinapushoti, kenako ndinakopera fodayo kuchokera mu sinapushoti ya 1 koloko, yotchedwa `ola-13`:

```
zfs list -t snapshot
cp -a /tank/ntchito/.zfs/snapshot/ola-13/malipoti /tank/ntchito/
```

Foda ya `.zfs` ndi yobisika, ngakhale lamulo loonetsa mafayilo obisika la `ls -a` siliionetsa, koma ukalemba njira yake umalowamo bwinobwino. Ndinapewa dala `zfs rollback`, lamulo lobwezera zonse mmene zinalili pa nthawi ya sinapushoti, chifukwa likanafafaniza zonse zomwe anzanga analemba kuyambira 1 koloko. Fayilo imodzi yokha, yomwe ndinapanga cha m'ma 1:20, ndiyo inapitiratu, poti sinapushoti sinaipeze.

Komatu imeneyi si bakapu. Sinapushoti imakhala pa disiki yomweyo, disikiyo ikafa zonse zimafera limodzi. Bakapu ndi kope lapadera pa makina ena, ndipo ife timatumiza lathu usiku uliwonse ndi `zfs send`.