Kulongosola kakonzedwe ka futali

“Azakhali a ku Chilomoni anditumizira kakonzedwe ka futali ngati nthano. Ndikalembe bwanji mwadongosolo?”

Werengani mpaka kumapeto mukulemba mzere pansi pa chilichonse cholowa mumphika. Mchere umabisala, mwina aungoutchula kumathero.

Kenako lembani zofunika pamwamba, chilichonse pamzere wake, motsata mmene zilowera mumphika: mbatata, madzi, mchere, nsinjiro. Akati “mulu umodzi” afunseni kuti mbatata zingati, poti mulu wa ku Limbe si wa ku Ndirande. Muyeso musapeke.

Zochita muziike manambala, mneni patsogolo:

1. Sendani mbatata, muzidule.
2. Wiritsani ndi mchere mpaka zifewe.
3. Thirani nsinjiro, muvundule, zipse pamoto wochepa.

Samalani ndi “musanatero” kapena “mutasinja kale mtedza”. Chimenecho chibwerere pamwamba, chikhale nambala 1, zinazo zisunthe.