Rile ya Buchholz ikachenjeza, musathamangire kutulutsa mpweya

Amisiri ambiri alamu ya Buchholz ikalira, amakwera pa thiransifoma, n'kutsegula kampopi, mpweya uja fuu! Alamu yazima, koma umboni wonse wauluka.

Rile ya Buchholz ndi kachipangizo koteteza thiransifoma. Imakhala pa paipi yochokera ku thanki yaikulu kupita ku kathanki kosungira oyilo kapamwamba, ndipo zinthu zikakhala bwino imakhala yodzaza oyilo. Mkati mwa thiransifoma mukamapsa pang'onopang'ono, oyilo kapena mapepala okutira mawaya amatulutsa gasi. Thovu lake limakwera n'kukodwa mu rile, oyilo amatsika, choyandama chapamwamba chimatsika naye, alamu n'kulira. Pa marile ambiri zimatengera gasi wa mamililita 100 mpaka 300. Apa magetsi sazima.

Thiripi, pamene rile imazimitsa thiransifoma, ndi nkhani ina. Mawaya akagundana mkati, moto wake umakankha oyilo mwamphamvu kulowera ku kathanki kaja. Akathamanga pafupifupi mita imodzi pa sekondi, amagunda kachitseko kapansi mu rile, ndipo buleka imadula magetsi pompo. Oyilo akatayika kwambiri, alamu ndiyo imayamba, ndipo pa marile a zoyandama ziwiri thiripi imatsatira.

Ndiye alamu ikalira, yambani mwayang'ana geji ya oyilo ndi pansi ngati pakudontha. Musakwere pamwamba thiransifoma isanazimitsidwe ndi kulumikizidwa ku nthaka. Pa kagalasi ka rile werengani kuchuluka kwa gasi, ndipo mtundu wake muulembe msanga chifukwa umazilala. Woyera amaloza ku mapepala, wachikasu ku matabwa, wotuwa kapena wakuda ku oyilo wopsa. Mutape gasiyo m'chotengera chake, mutengenso oyilo wa m'thanki, zonse zipite ku labotale.

Tiyerekeze kuti mwathira oyilo watsopano Lolemba, Lachitatu alamu yalira. Geji ili bwino, gasi alibe mtundu, alibe fungo, ndipo poyezedwa sakuyaka. Umenewo ndi mpweya wamba womwe unatsalira pothira. Utulutseni, mulembe tsiku ndi kuchuluka kwake. Uyenera kumachepa masiku akamapita. Ukamabwera msanga kuposa kale, mwina pampu ya oyilo ikuyamwa mpweya, mwinanso vuto lenileni layamba. Koma labotale ikapeza gasi wa asetilini, mkatimo mukuthetheka moto, ndipo thiransifomayo isayatsidwe.

Ikakhala thiripi, musabwezere buleka, ngakhale akuluakulu akukakamizeni chotani. Onani ngati rile yofananitsa mphamvu yolowa ndi yotuluka nayonso yagwira, ngati valavu yotseguka mphamvu ikachuluka m'thanki yalavula oyilo, ngati thanki yatupa. Kenako muyeze zokutira mawaya ndi mega, chida choyezera ngati zikutchingabe magetsi, muyeze makoyilo a mafezi onse atatu n'kuwafananitsa, muyezenso oyilo.

Thiripi yonama iliko: shoti yaikulu ya kunja imagwedeza makoyilo n'kukankha oyilo, mapampu akayamba onse pamodzi amatero, ndipo madzi olowa m'kabokosi ka mawaya a rile amalumikiza waya wa thiripi. Tsegulani kabokosiko muone ngati mwanyowa. Koma munene kuti inali yonama pokhapokha mu rile mulibe gasi woyaka ndipo miyezo yonse ija yatuluka bwino.