Momwe mungasungire zithunzi za katundu pa webusayiti: chithunzi mufoda, njira yake mudetabesi

Aliyense amene akukonza webusayiti yoonetsa katundu wamalonda ayenera kusankha pamene azisunga zithunzi: kuzilowetsa mudetabesi momwemo, kapena kuzisunga ngati mafayilo mufoda, n'kulemba mudetabesimo njira yokha yozipezera. Kwa ine, njira yachiwiriyi ndi imene ili yoyenera pa ndandanda wa katundu, ndipo masamu ake ndi osavuta.

Tiyerekeze shopu ya pa boma la Dedza yogulitsa mbale, makapu ndi miphika yadothi, yomwe ili ndi mitundu ya katundu 2,000, ndipo mtundu uliwonse uli ndi zithunzi zitatu. Ngati chithunzi chojambulidwa pa foni chili cha 3 MB, zithunzi 6,000 zimenezi zikwana 18 GB, pamene mayina ndi mitengo ya katundu yense sizingafike ngakhale 10 MB. Zithunzizo zikakhala mudetabesi, `mysqldump`, pulogalamu yokopera detabesi ya MySQL, izikopera zonsezo nthawi iliyonse imene mukusunga kope, ngakhale kuti chimene chasintha ndi mtengo wa kapu imodzi yokha. Komanso chithunzi chilichonse chimayamba chadutsa mupulogalamu yanu chisanafike kwa kasitomala, pomwe fayilo ya mufoda seva ya Apache kapena Nginx imangoitumiza yokha.

Poyambira pake ndi tebulo lapadera la zithunzi, lolumikizidwa ku tebulo la `katundu` lomwe liyenera kukhalapo kale, popeza katundu mmodzi amakhala ndi zithunzi zingapo:

```sql
CREATE TABLE zithunzi (
  id INT AUTO_INCREMENT PRIMARY KEY,
  katundu_id INT NOT NULL,
  njira VARCHAR(255) NOT NULL,
  FOREIGN KEY (katundu_id) REFERENCES katundu(id)
);
```

Mu `njira` muzilemba chigawo chokhacho choyambira pa foda ya zithunzi, monga `katundu/418/9f2c71ab.jpg`, osati njira yonse yoyambira pa `/var/www` kapena dzina la webusayiti. Mukatero, tsiku losamukira ku seva ina mudzangosintha malo amodzi mupulogalamu, mizere 6,000 ija osaikhudza.

Chithunzi chikalowa, pulogalamu iyambe yatsimikiza kuti ndi chithunzidi poona zimene zili mkati mwa fayiloyo, mwachitsanzo ndi `finfo` ya PHP, chifukwa dzina lothera ndi `.jpg` aliyense angathe kulilemba. Kenako ichipatse dzina latsopano lopangidwa mwachisawawa. Mafoni ndi makamera ambiri amapereka mayina ofanana, monga `IMG_0001.jpg`, ndipo mukasunga dzina lomwelo, chithunzi cha mphika chidzafufuta cha mbale popanda chenjezo lililonse. Pa nthawi yomweyo chithunzicho chichepetsedwe kufika pafupifupi 200 KB. Zithunzi zonse zija zitsika kufika pa 1.2 GB, ndipo kasitomala wa ku Lizulu amene akuona katunduyo pa foni sadzadandaula kuti bandulo yake yatha msanga. Ngati zithunzi zikuluzikulu zikukana kulowa, onani `upload_max_filesize`, yomwe mu PHP imabwera ili pa `2M`.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa dongosolo la kalembedwe, chifukwa apa ndi pamene pali kufooka kwenikweni kwa njira imeneyi. Detabesi siidziwa zimene zikuchitika mufoda, choncho `ROLLBACK` imabweza mzere koma siichotsa fayilo. Posunga, yambani mwalemba fayilo, ndipo mzere ulembedwe pokhapokha fayiloyo ikalembeka bwinobwino. Pochotsa, yambani ndi mzere, fayilo pambuyo. Magetsi akathima ntchito ili pakati, chotsala chidzakhala fayilo yopanda mzere, yomwe imangodya malo koma kasitomala saiona. Mukatembenuza dongosololi, mudzatsala ndi mzere woloza fayilo yomwe kulibe, ndipo mudzazindikira poona kabokosi kopanda chithunzi pa tsamba komanso `404` m'zolemba za seva. Mafayilo amasiye aja angathe kuchotsedwa ndi kapulogalamu koyerekeza foda ndi tebulo kamodzi pa sabata, koma kazisiya mafayilo amene angolowa kumene, poti mwina mizere yawo ikadalembedwa.

Kope losungira nalo liyenera kukhala la mbali ziwiri. Yambani ndi detabesi, kenako foda, kuti mzere uliwonse wa m'kopelo upeze fayilo yake. Pulogalamu ya `rsync` imathandiza pamenepa chifukwa imangokopera mafayilo atsopano kapena osinthidwa. Yesani kubwezeretsa zonse ziwiri pa kompyuta ina musanakhulupirire kuti kopelo ndi lathunthu.

Nthawi zina kusunga mudetabesi n'koyenera ndithu, makamaka ngati zithunzi ndi zochepa, zazing'ono, ndiponso zosayenera kuonedwa ndi aliyense, monga malisiti a malipiro. Mukasankha zimenezo mu MySQL, dziwani kuti `BLOB` imangotenga 64 KB, ndipo chithunzi choposa pamenepo chidzakanidwa ndi uthenga wakuti `Data too long for column`, kapena chidzadulidwa ngati seva siinaikidwe kuti izikana. Gwiritsani ntchito `MEDIUMBLOB`, yomwe imafika 16 MB, ndipo zithunzizo zikhale mutebulo lawolawo kuti `SELECT *` ya pa tebulo la katundu isamazikoke nthawi iliyonse imene munthu akungofuna kuona mitengo.