Kukonza mawu onyoza olumala popanda kutaya mfundo

"Mu chilengezo changa ndalemba kuti 'atsogoleri athu ndi agonthi, samva madandaulo athu.' Mnzanga akuti ndanyoza anthu osamva. Ndikonze bwanji mfundo isafooke?"

Choyamba, dzifunseni kuti atsogoleriwo alakwa chiyani kwenikweni. Vuto si makutu awo. Madandaulo akuwafika ndithu, koma akuwanyalanyaza mwadala. Munthu wosamva sanasankhe kusamva, ndiye mukatcha wonyalanyaza kuti gonthi, mwasandutsa kulumala kukhala dzina la khalidwe loipa, komanso mwapatsa wolakwayo pothawira.

Kenako chotsani mawu a ulumaliwo, muike mneni wotchula chimene wachita: kunyalanyaza, kukana kuyankha, kuzengereza. Mukatero onjezani umboni, chifukwa mphamvu imene mumaifuna m'chipongwe muja imapezeka mu umboni. Chiganizo chanu chikhoza kukhala chotere: "Tawalembera atsogoleri athu katatu, koma sanatiyankhe ngakhale kamodzi." Onani kuti chapweteka kuposa poyamba, ndipo chalasa olakwa okhawo.

Chenjerani kuti musafewetse mopitirira. Mukalemba kuti "pali mavuto pang'ono pa kulumikizana," mwachotsa chipongwe pamodzi ndi dandaulo lomwe. Mudzazindikira kuti zalakwika ngati wowerenga sangathenso kutchula amene walakwa ndi chimene walakwa.

Pomaliza, werenganinso chilengezo chonse kufunafuna mawu otsekera ena kunja mosadziwa. "Aliyense aimirire posonyeza kugwirizana nafe" asiya kunja woyenda pa njinga ya olumala. Lembani kuti "aliyense asonyeze kugwirizana nafe poimirira, pokweza dzanja kapena poyankha."