Kupangana tsiku loteteza fesesi, lipoti la kafukufuku wa digiri, pamene woyesa mmodzi akuchokera kunja

"Ndikumaliza digiri yachiwiri kuno ku Harare, ndipo woyesa wanga wakunja ali ku Zomba. Ndiyambire pati kuti tsiku loteteza fesesi likhazikike?"

Yambani ndi woyesa wa ku Zombayo, chifukwa ndiye amene ulendo wake ungasokoneze zonse. Osamulembera nokha ayi, popeza m'mayunivesite ambiri wophunzira saloledwa kulankhulana ndi omuyesa. Pemphani aphunzitsi okuyang'anirani kapena ofesi ya dipatimenti kuti imutumizire masiku atatu otalikirana, iye asankhepo, kenako oyesa a ku Harare ndi wapampando avomereze pa masiku omwewo.

Tsiku likadziwika, sungitsani chipinda tsiku lomwelo, ndipo muchisungitse kwa maola atatu ngakhale mayesowo atakhala a maola awiri, chifukwa oyesa amatsala okha kukambirana zotsatira inu mutatuluka. Pitani mukachione ndi maso: lumikizani laputopu yanu ku pulojekita, muone ngati chingwe cha HDMI chikulowa, ndipo funsani ngati nyumbayo ili ndi jenereta, pakuti magetsi a ku Harare amazimazima. Sindikizaninso papepala zithunzi zimene mudzaonetse pa pulojekitayo.

Za ulendo, woyesayo afike dzulo lake, osati m'mawa wa tsikulo, kaya abwera pa ndege kudzera pa bwalo la Robert Mugabe kapena pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, imene imachedwa pa zipata za m'malire. Dipatimenti ilembe kalata yonena amene alipire tikiti, malo ogona ndi galimoto yokamutenga. Pomaliza ofesi itumize kalata imodzi kwa onse yotchula tsiku, ola ndi nambala ya chipinda, ndipo aliyense ayankhe polemba.