Uthenga wautali ukaduka pakati, pitirizani chonchi

Amene mumalemba mayankho aatali pa foni ndi pa intaneti, mverani izi. Sabata yatha ndinkayankha mnzanga wa ku Area 25 yemwe ankafuna njira yolembera kalata yofunsira ntchito. Ndinalemba zambiri, koma uthenga unadukira pakati pa mawu, pa "muike dzina la kamp", basi. Iye anangoyankha kuti "kamp chiyani achimwene?"

Kudukako kumabwera chifukwa malo ambiri olembera ali ndi malire a zilembo. SMS imodzi imatenga zilembo 160, ndipo mukaikamo emoji imodzi yokha malirewo amatsikira pa 70. Pa X, ambiri malire awo ndi 280.

Zikatere musatumizenso uthenga wonse, munthu amatopa kufufuza pomwe zatsopano zayambira. Tsegulani uthenga umene wapitawo, osati umene uli m'mutu mwanu, muone chiganizo chomaliza chimene chafika chathunthu. Yambirani pa chiganizo chodukacho, mochilemba chonse kuyambira poyamba. Ine ndinalemba kuti "2/2: Muike dzina la kampaniyo ndi adiresi yake kumanzere." Theka la chiganizo lokhalo ndi limene linabwerezedwa, ndipo linakhala ngati mfundo yolumikizira chingwe. Moni wachiwiri ndi kupepesa kwautali zisiyeni, zimangodya malo omwe akuchepa kale.

Masiku ano ndimayamba ndalemba zonse pena, n'kuzidula ndekha pothera ndime, kenako n'kuika 1/3, 2/3, 3/3. Netiweki ikasokoneza dongosolo la mauthenga, wowerenga amadziwabe woyamba ndi uti.